Mafuta odzola ndi malonjezo ake: zimene wogulitsa wa ku Nkhudzi anganene ndi zimene sayenera kunena

Kuchokera pa boma la Mangochi, kudutsa pa Makawa ndi Nkhudzi mpaka ku Monkey Bay, mafuta odzola amagulitsidwa m'maokala, m'masaluni ndiponso pa masiku a msika. Ena amabwera m'zikwama za abale ochokera ku Joni, ena amalowera pa Chiponde kuchokera ku Mandimba, ndipo ena amasakanizidwa m'nyumba momwemo n'kuikidwa m'timabotolo topanda dzina. Kutsatsa kwake masiku ano kumachitika kwambiri pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo mawu ake sasiyana kwenikweni: kuyera pa masiku 7, ziphuphu kutheratu, zipere kuchira. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene wogulitsa wofuna kuchita malonda mwachilungamo amakhala nawo.

Kodi kutamanda malonda ako n'kulakwa? Bodza limayambira pati?

Kutamanda si mlandu. Wogulitsa akanena kuti mafuta ake ndi onunkhira bwino, samamatirira pakhungu, kapena amafewetsa zigongono zotuwa, akunena zinthu zimene wogula angazione yekha tsiku lomwelo. Bodza limayamba pamene wogulitsa wanena chinthu chimene wogula sangachitsimikize asanalipire, chimenenso mwiniwakeyo alibe umboni wake. Njira yachidule yoyesera mawu aliwonse ndi kudzifunsa kuti, wina atandiimika pakati pa msika n'kunena kuti ndionetse umboni, ndingaloze chiyani? Pa mawu oti "amafewetsa khungu" mungaloze mndandanda wa zosakaniza, chifukwa gilisalini ndi mafuta a mtundu wa vaselini amathandizadi khungu kusunga chinyezi. Pa mawu oti "amachotsa mabala onse mpaka kalekale" palibe choloza. Komanso bodza silikhala m'mawu okhaokha. Kubisa kuti m'botolo muli mankhwala amphamvu, kapena kuonetsa chithunzi chimene chikulonjeza zomwe pakamwa simunanene, n'kusocheretsa wogula chimodzimodzi.

Makasitomala ena mafutawa anawathandizadi. Bwanji osalonjeza kuti aliyense aona kusintha pa masiku 7?

Chifukwa khungu lili ndi liwiro lake limene wotsatsa malonda sangalisinthe. Khungu lapamwamba limatenga pafupifupi masabata 4 kuti lakale lifundukuke ndipo latsopano lifike pamwamba, ndipo kwa achikulire zimachedwerapo. Mankhwala enieni a ziphuphu, amene madokotala amapereka, amafuna masabata 6 mpaka 8 kuti munthu ayambe kuona kusintha, ndipo ena amafika miyezi 3. Mabala akuda otsala ziphuphu zikapola amazimirira pa miyezi ingapo, makamaka pa khungu lakuda, ndipo dzuwa limawadetsanso. Tsono ngati mankhwala oyesedwa bwino sangalonjeze sabata imodzi, mafuta wamba angalonjeze bwanji?

Za makasitomala okhutirawo, wogulitsa amamva mbali imodzi yokha. Amene zamuyendera amabweranso kudzagula ndipo amayamikira. Amene zamukanika amangosintha okala osanena kanthu, ndipo amene watupa nkhope amapita kuchipatala, sabwera kwa inu. Ziphuphu zambiri zimabwera n'kupita zokha motsatira msinkhu, msambo kapena nyengo, choncho munthu amene wayamba kudzola pamene zafika poipa amathokoza mafuta pa zimene zikanachitika ngakhale akanapanda kudzola. Palinso kusiyana kwa moyo wa anthu. Mayi amene amakhala tsiku lonse pa thandala akutembenuza usipa pa dzuwa la mu Okutobala sangapeze zofanana ndi za mnzake wogwira ntchito m'chipinda cholandirira alendo pa loji, ngakhale botolo likhale limodzi. Lonjezo la "aliyense" limaphatikiza anthu onsewa, ndipo palibe mafuta amene angalikwaniritse.

Koma alipo mafuta amene amayeretsadi khungu pa sabata imodzi kapena ziwiri. Pamenepo bodza lili pati?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. N'zoona, mafuta otere alipo, ndipo wogulitsa amene akuti "amagwira msanga" nthawi zina sakunama. Koma kugwira msangako ndi chizindikiro choti m'botolomo muli mankhwala, osati zodzola wamba. Kawirikawiri amakhala amodzi mwa atatu, kapena osakaniza.

Oyamba ndi masiteroidi amphamvu, amene pa chubu amalembedwa kuti clobetasol propionate kapena betamethasone dipropionate, nthawi zambiri pa mlingo wa 0.05%. Awa ndi mankhwala enieni a matenda otupitsa ndi kuyabwitsa khungu, ndipo dokotala amawapereka kwa masabata ochepa, pa malo odwala okha. Amathinitsa timitsempha ta magazi ta pakhungu ndi kuchepetsa utoto wakuda wa khungu, n'chifukwa chake nkhope imaoneka yowala m'masiku ochepa. Munthu akapitiriza kwa miyezi, khungu limapyapyala mpaka timitsempha kumaonekera, m'khwapa ndi m'ntchafu mumatuluka mizere yotambasuka imene sifufutika, ziphuphu zimachuluka, ndipo bala laling'ono limachedwa kupola. Akamadzola thupi lonse, mankhwalawa amalowa m'magazi ndipo angakweze shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Choipa china n'chakuti akasiya mwadzidzidzi, nkhope imafiira, kutentha ndi kuyabwa, ndiye amathamangira botolo lina. Wogulitsa amaona ngati kasitomala wawakonda mafutawo, pamene zoona zake n'zakuti khungu lagwidwa ukapolo.

Achiwiri ndi haidulokwinoni, amene pa botolo amalembedwa kuti hydroquinone. Amalepheretsa khungu kupanga utoto wake. Madokotala a khungu amawagwiritsa ntchito pa mlingo wa 2% mpaka 4%, pa mabala okha, kwa miyezi yochepa, ndipo wodwala amauzidwa kudziteteza ku dzuwa. Akadzoledwa kwa zaka, makamaka pa dzuwa lamphamvu, amabweretsa vuto losemphana ndi lonjezo lake: masaya ndi chipumi zimada bii ngati mwaye, khungu n'kukhala lokakala, ndipo kuda kumeneku n'kovuta kwambiri kuchotsa. Madokotala a ku South Africa analemba za vutoli mu 1975 ataliona mwa amayi odziyeretsa khungu, ndipo mu 1990 dzikolo linaletsa haidulokwinoni m'zodzola, n'kuletsanso kutsatsa zodzola ndi mawu olonjeza kuyeretsa khungu. Mayiko a m'bungwe la European Union analetsa mankhwalawa m'zodzola za pakhungu mu 2001. Tiyenera kukumbukira zimenezi wina akamatama botolo kuti "ili ndi la ku Joni", chifukwa ngati muli haidulokwinoni, ku Joniko siligulitsidwa movomerezeka ngati mafuta odzola.

Achitatu ndi mekyule, amene angabisale pa mawu monga mercury, mercurous chloride kapena calomel, koma kawirikawiri salembedwa n'komwe. Mekyule amaononga impso ndi mitsempha ya ubongo, amafika kwa mwana ali m'mimba ndiponso kudzera mu mkaka wa m'mawere, ndipo amatsalira pa mathaulo ndi zofunda n'kufikira ana amene sanadzolepo. Pangano la mayiko la Minamata, lomwe linakhazikitsidwa mu 2013, linaika malire a gawo limodzi pa magawo 1 miliyoni m'zodzola, ndipo mu 2023 mayiko anagwirizana zoti zodzola zonse zothiridwa mekyule zithe pofika 2025.

Tsono bodza la mafuta oyeretsa lili pa mawu ena aja amene amatsagana ndi lonjezo: "alibe vuto lililonse". Lilinso pa kusatchula kuti kuyerako n'kwa kanthawi, popeza khungu limabwerera ku mtundu wake munthu akasiya, ndiponso kuti sikufanana thupi lonse. Mfundo za zala, zigongono ndi mawondo zimatsalira zakuda, n'chifukwa chake anthu amaseka za nkhope ya Fanta ndi miyendo ya Kokakola. Kwa anthu a m'mbali mwa nyanja palinso china: utoto wakuda wa khungu ndiwo umateteza ku dzuwa, ndipo kuno limaomba kuchokera kumwamba n'kunyezimiranso pa madzi ndi pa mchenga.

Nanga mawu oti "amachiza" avuta chiyani? Zipere ndi mphere si matenda aang'ono?

Mukangolemba kuti chinthu chimachiza kapena kupewa matenda, mwachichotsa m'gulu la zodzola n'kuchiika m'gulu la mankhwala. Ku Malawi mankhwala amayang'aniridwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA mwachidule, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019 m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Mankhwala ayenera kulembetsedwa kumeneko, ndipo kuwatsatsa kumafuna chilolezo cha bungweli. Sopo wa pa okala amene akuti amachiza zipere akudzitcha mankhwala opanda kalata.

Koma tisiye kaye lamulo, tione zimene zimachitika pakhungu. Chipere chimayamba ndi tizilombo ta mtundu wa nkhungu. Chikakhala pathupi chimafuna mankhwala opaka monga kulotirimazo kwa masabata 2 mpaka 4, koma chikakhala m'mutu mwa mwana zopaka zokha sizikwanira, pamafunika mapiritsi akumwa kwa masabata angapo. Munthu akapaka siteroidi pa chipere, kuyabwa kumaleka, mkombero wofiira wa chiperecho umazimirira, iye n'kumati wachira, pamene tizilombo tikufalikira mosavuta chifukwa chitetezo cha pakhungu chafooka. Akafika ku chipatala cha Monkey Bay kapena cha boma ku Mangochi patapita miyezi, chiperecho chimakhala chitakula ndi kusintha maonekedwe moti ngakhale wachipatala amavutika kuchizindikira. Mphere nazo sizitha ndi sopo: zimafuna mankhwala opaka thupi lonse kwa anthu onse a m'nyumbamo nthawi imodzi, ndi kuchapa zovala ndi zofunda. Ndipo pali banga lina limene wogulitsa aliyense ayenera kuliopa, banga lotuwa kapena lofiirira limene munthu salimva akakhudzidwa. Limeneli lingakhale khate, lomwe limachizika ndi mankhwala aulere a miyezi 6 kapena 12, koma likachedwa limaononga mitsempha ya m'manja ndi m'mapazi. Botolo lolonjeza "kuchotsa mabanga onse" lingamudyere munthu woteroyo chaka chathunthu. Matenda ena a pakhungu amatulukanso chifukwa cha kuchepa kwa chitetezo cha m'thupi kapena shuga, ndipo zimenezi sizioneka ndi maso pa kauntala.

Mafuta anga ndi achilengedwe: chammwamba, nimu, malambe. Sindinganene kuti alibe vuto?

Munganene zimene zilimo, ngati zilimodi, ndipo n'zokwanira kukopa wogula. Mafuta a mbewu za malambe kapena za chammwamba amafewetsa khungu, ndipo kunena zimenezo si bodza. Koma kuchokera ku mtengo sikutanthauza kusavulaza. Chitedze nacho n'chachilengedwe. Madzi a mandimu, amene ambiri amathira m'zosakaniza zoyeretsa, angathe kuwaula khungu munthu akapita pa dzuwa n'kusiya mabala akuda, ndipo sopo wophikidwa kunyumba amene soda yake sinayezedwe bwino amawotcha. Anthu ena matupi awo sagwirizana ndi zinthu zimene anzawo amadzola popanda vuto. Chinanso, mawu oti "achilengedwe" asanduka chophimba chabwino cha osakaniza mwachinyengo. Botolo lojambulidwa karoti kapena papaya likayeretsa munthu pa masiku 10, wagwira ntchitoyo si karoti.

Ine sindipanga mafutawa. Ndimangooda n'kubwereza zimene zalembedwa pa botolo. Mlandu ungakhale wanga?

Mawu amene mwaika pa foni yanu kapena pa chikwangwani cha saluni yanu ndi anu, ngakhale munawakopera kwina. Wogula wa ku Nkhudzi sadziwa fakitale. Amadziwa inu, ndipo wagula chifukwa chokhulupirira inu. Lamulo loteteza ogula la mu 2003 limaletsa kutsatsa malonda monyenga, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula pa nkhani zotere ndipo lili ndi mphamvu zofufuza wamalonda. Miyezo ya katundu ndi malembo a pa katundu zili m'manja mwa Malawi Bureau of Standards. Wina anganene kuti mabungwe amenewa ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre ndipo sangafike pa kaokala ka m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay. Mwina safika kawirikawiri, koma uthenga wa pa foni umasungika, ndipo wodandaula amangofunika kuujambula.

Pooda, pali zinthu zingapo zimene zimatenga mphindi zochepa. Onani ngati botolo lili ndi mndandanda wa zosakaniza, dzina ndi keyala ya wopanga, nambala ya gulu la katunduyo ndi tsiku lothera ntchito. Werengani mndandandawo kufunafuna mayina atchulidwa pamwambawa. Kachubu kokhala ndi kapepala ka malangizo m'kati ndi mlingo wa 0.05% ndi mankhwala, malo ake ndi ku famase. Dziwaninso malire a kuwerengaku: malembo oyera satsimikiza kuti m'kati ndi moyera, chifukwa osakaniza mekyule salemba, ndipo mekyule sadziwika ndi fungo kapena mtundu koma poyeza ku labotale. N'chifukwa chake zosakaniza za m'timabotolo topanda dzina siziyenera kutsatsidwa ndi mawu aliwonse.

Zithunzi za "kale" ndi "tsopano" komanso mauthenga oyamikira a makasitomala, zimenezi n'zololedwa?

Chithunzi ndi lonjezo, ndipo chiyenera kuyesedwa ngati mawu. Nkhope yomweyo, tsiku lomwelo, imaoneka yakuda m'nyumba ya zenera laling'ono ndipo imaoneka yowala pakhonde m'mawa. Mafoni ambiri amasalaza ndi kuwalitsa nkhope okha mwini asanakhudze kalikonse. Chithunzi chachilungamo ndi cha kasitomala wanu weniweni amene wavomera, chojambulidwa pamalo amodzi, kuwala kofanana, popanda zopakapaka, ndipo chotchula nthawi imene yadutsa. Chotengedwa pa intaneti ndi bodza basi. Uthenga woyamikira nawo sungakunyamulireni mawu amene inu simuloledwa kunena: kasitomala akalemba kuti "anandichiza chikanga" inu n'kuufalitsa, amene akulengeza za kuchizako ndinu.

Ndiye uthenga wabwino ungalembedwe bwanji? Tipatseni chitsanzo.

Tiyerekeze kuti mayi wina amagulitsa mafuta opangidwa ndi gilisalini, mafuta a malambe ndi alovera, ndipo walemba kuti: "Mafuta amphamvu! Kuyera pa masiku 7, gerenti. Amachiza ziphuphu, zipere ndi mabala onse. Achilengedwe 100%, alibe vuto ngakhale kwa ana ndi amayi oyembekezera. Madokotala amavomereza." Titenge chiganizo chilichonse pachokha. Kuyera pa masiku 7 kuchoke konse, chifukwa ndi zosakaniza zitatuzo sikungachitike, ndipo kukachitika ndiye kuti muli chachinayi chimene mayiyo sakuchidziwa. "Amachiza" achoke pamodzi ndi mayina a matenda. "Achilengedwe 100%" angatsale pokhapokha ngati mulibe zonunkhiritsa kapena zoteteza kuti asaonongeke zopangidwa ku fakitale, ndipo mafuta okhala ndi madzi kapena alovera opanda zotetezazo amachita nkhungu msanga pa kutentha kwa ku Mangochi, choncho n'kwabwino kungotchula zimene zilimo. Za ana ndi oyembekezera, palibe amene anayesa. Madokotala ovomerezawo ndi ati, a chipatala chiti? Ngati yankho palibe, chiganizocho chichoke.

Chotsala chingamveke chonchi: "Mafuta ofewetsa khungu louma ndi lotuwa. Muli gilisalini, mafuta a malambe ndi alovera. Dzolani mukangosamba, khungu lisanaumiretu. Yesani kaye pang'ono m'kati mwa mkono kwa masiku awiri. Mukamva kuyabwa kapena kuwotcha, siyani. Si mankhwala ndipo sasintha mtundu wa khungu. Ngati muli ndi zipere, zilonda kapena banga losamva kukhudza, pitani kuchipatala. Botolo la mamililita 200." Uthengawu ukunenabe za phindu lenileni, lomwe anthu a kunyanja amalifuna kwambiri m'miyezi ya mwera, Juni ndi Julayi, pamene miyendo imatuwa ndipo zidendene zimang'aluka.

Koma anzanga akulonjeza zodabwitsa ndipo akugulitsa. Ine ndikanena zoona zokhazokha, sindigwa?

Funsoli lisapeputsidwe. N'zoona kuti wolonjeza kuyera amagulitsa msanga, chifukwa chilakolako cha khungu loyera sichinayambe ndi iye. Chimadyetsedwa ndi mafilimu, zithunzi za pa foni ndi amuna ena amene amatama "mkazi woyera". N'zoonanso kuti kuletsa kokha sikuthetsa msika: Côte d'Ivoire inaletsa mafuta oyeretsa mu 2015, Rwanda inayamba kuwalanda m'masitolo kumapeto kwa 2018, koma malonda a mseri sanathe. Wogulitsa woona adzataya makasitomala ena, ndipo palibe chifukwa chomunamiza kuti sadzataya.

Komabe msika wa ku Nkhudzi si wa mumzinda momwe wogula amadutsa kamodzi osaonekanso. Kasitomala wanu mudzakumana naye ku dooko, ku chigayo, ku mzikiti kapena ku tchalitchi, ndipo masaya ake akada, aliyense adzadziwa kumene botolo linachokera. Palinso malonda amene angatsatsidwe ndi manambala oona. Mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 30 amatchinga pafupifupi 97% ya cheza chowaula khungu, ndipo a SPF 50 pafupifupi 98%, malinga munthu adzole okwanira ndi kubwereza pa maola awiri aliwonse ndiponso akatuluka m'madzi. Amenewa, pamodzi ndi chipewa chachikulu, ndi amene amathandiza kuti mabala a ziphuphu asapitirire kuda. Ngakhale apa wotsatsa asamale: asalembe kuti amateteza tsiku lonse kapena kuti sachoka m'madzi, ndipo asatche mafuta wamba kuti ndi oteteza ku dzuwa ngati nambala ya SPF palibe pa botolo. Kwa munthu wachialubino bodza lotero lingathere ku khansa ya pakhungu; iye amafunika mafuta a SPF 50 enieni, zovala za manja aatali, ndi kukaonetsa khungu lake kuchipatala pafupipafupi.

Kasitomala amene wadzola kale siteroidi kwa miyezi akabwera kudzafuna botolo lina, musamuuze kuti angosiya lero lomwe, makamaka ngati amadzola thupi lonse, chifukwa thupi limakhala litazolowera ndipo kusiya mwadzidzidzi kungamudwalitse. Muuzeni atenge chubu kapena botolo lomwelo apite nalo kuchipatala, kuti akamuthandize kuchepetsa pang'onopang'ono ndi kumuyeza shuga ndi kuthamanga kwa magazi.